Zolakwika za OCR zimene zimaluma ndi zooneka ngati zabwinobwino

Sabata yatha mng'ono wanga ananditumizira satifiketi yake yosikanidwa kuti ndimuthandize kudzaza fomu yofunsira ntchito. Ulesi wotaipa unandigwira, ndiye ndinaika chithunzicho mu Google Drive, n'kudina Open with, kenako Google Docs. Pasanathe mphindi imodzi mawu onse anali atatuluka, oti n'kukopera. Imeneyi ndiye OCR: pulogalamu imayang'ana maonekedwe a zilembo pa chithunzi n'kulosera kuti ichi ndi chilembo chakuti. Ndati kulosera dala. Siwerenga ngati munthu ayi.

Maganizo anga ndi akuti ambirife timafufuza zolakwika pamalo olakwika. Maso amathamangira pamwamba, pamene pali dzina la sukulu lolembedwa ndi zilembo zokhotakhota zija, kapena pansi pamene chidindo chagwera pa siginecha. Pamenepo pamatuluka zinyalala zokhazokha, timizere ndi timadontho topanda tanthauzo. Koma zimenezo sizivulaza munthu, aliyense amaziona n'kufufuta.

Yomwe inatsala pang'ono kutipweteka ndi nambala ya satifiketi. Papepala panalembedwa 2018/B0571, pulogalamu inatulutsa 2018/80571. B yasanduka 8. Ndinaiwerenga kawiri osaona vuto, chifukwa inkaoneka ngati nambala yeniyeni, ndiponso kamzere kofiira kaja kosonyeza mawu olakwika sikabwera pansi pa manambala. Tikanatumiza choncho, wotsimikizira satifiketi akanafufuza nambala yoti kulibe, ndipo sindikhulupirira kuti akanatiimbira foni kutifunsa. Akanangoika fomuyo pambali.

Zilembo zosokonezana n'zodziwika: 0 ndi O, 5 ndi S, 8 ndi B, komanso 1, l wamng'ono ndi I wamkulu. Palinso r ndi n zikagundana, zimasanduka m, moti dzina ngati Bernadetta limatuluka Bemadetta. M'chiganizo wamba pulogalamu imadzithandiza ndi mawu amene imawadziwa kale, ikaona "Certiflcate" imatha kuzindikira chomwe chimafunika. Nanga dzina la munthu, tsiku, nambala? Palibe poyerekezera. Ndipo satifiketi pafupifupi yonse ndi zomwezo basi. Kadenga ka pa ŵ nakonso kawirikawiri kamasowa ngati pulogalamuyo yaikidwa pa Chingerezi.

Chachiwiri chinali tebulo la magiredi. Pulogalamu inawerenga maphunziro onse kaye kutsika pansi, kenako magiredi onse paokha. Maphunziro anali asanu ndi awiri, magiredi anatuluka asanu ndi limodzi, chifukwa limodzi linagwera pokhota pepala pamene linapindidwa. Mukangowalumikiza mwa ndondomeko, kuyambira pamene pasowapo giredi iliyonse yakwera mzere umodzi, munthu n'kupatsidwa ya phunziro lina. Choncho musanawerenge n'komwe, werengani mizere: ingati papepala, ingati pa kompyuta.

Kufufuza kwake ndimachita chonchi. Ndimaika chithunzi kumanzere, mawu otuluka kumanja, chithunzicho n'kuchikulitsa. Nambala ndimaiwerenga kuyambira kumapeto, chilembo chimodzichimodzi, motulutsa mawu: wani, seveni, faifi, ziro, B. Ukawerenga chobwerera m'mbuyo mutu sutha kukudzazira zomwe ukuyembekezera. Ndimasinthanso mawuwo kuwaika mu mtundu wa zilembo wotchedwa Consolas, chifukwa mmenemo ziro ali ndi kamzere pakati, ndipo 1, l ndi I sizifanana. Mu Arial, l ndi I n'chimodzimodzi, ungayang'anitsitse mpaka maso kuwawa.

Amene mumagwiritsa ntchito Tesseract, pulogalamu ina ya OCR, muli ndi mwayi wina:

```
tesseract satifiketi.png zotuluka -l eng tsv
```

Fayilo yotulukayo ili ndi gawo la conf, losonyeza kuti pulogalamu ikudzikhulupirira bwanji pa liwu lililonse, mpaka 100. Otsikawo yambani nawo. Koma musaidalire kwambiri, imatha kulakwitsa molimba mtima ndithu.

Mavuto ambiri amayambira posikana. Ikani 300 dpi, pepala ligone mowongoka pagalasi. Chithunzi chomwe mng'ono wangayo ananditumizira chinadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, ndipo kumeneko chimafinyidwa, m'mphepete mwa zilembo mumachita mbuu. B ija inafera pamenepo. Nditamuuza kuti atumizenso ngati Document, nambala inatuluka bwino, ngakhale giredi ya popindika paja inasowabe, ndinachita kuitaipa ndekha.

Ena amati ngati ufufuzabe chilichonse, bwanji osangotaipa wekha? Pa satifiketi ya mizere khumi, kunena zoona, sakunama kwenikweni. Ine ndimaona phindu pakakhala mapepala ambiri kapena mndandanda wautali wa maphunziro. Koma dzina, tsiku, nambala ndi magiredi ndimazifananitsa ndi pepala nthawi zonse, kaya ndataipa ndekha kaya ayi. Ndipo pofunika kutumiza satifiketi yeniyeniyo, tinatumiza chithunzi chosikanidwa chija. Mawu otuluka mu OCR anangotithandiza kudzaza mabokosi a pa fomu.