Chenjezo kwa inu olanda tiana ta mphaka kubere

Abale anga a kuno ku Thyolo, mundimve. Makoswe akayamba kuboola matumba a chimanga, mumathamangira kukapempha kamphaka kongophenyula maso dzana, n'kukaika m'katoni ndi mbale ya mkaka wa ng'ombe. Khalidwe limeneli lileke.

Mu Juni, chiperoni chili mkati, mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anabwera ndi kamphaka ka milungu 3. Poti kuno ku Bvumbwe mkaka susowa, anali kukamwetsa m'mawa ndi madzulo. Posakhalitsa kanayamba kutsekula m'mimba, kumchira kuli chinyezi, maso atalowa. Nditatsina chikopa cha pakhosi, chinangotsala chiimire osabwerera. Apo ndinadziwa kuti madzi atha m'thupi. Sikanathe mlungu. Mpaka lero zimandiwawa.

Mkaka wa ng'ombe ndi wa thole. Shuga wake mimba ya kamphaka imalephera kumugaya bwino, ndipo chakudya chimene chili m'bere la make mulibe chokwanira. Kasiyeni kayamwe kufikira milungu 8. Mukufulumira chiyani?

Kukaphunzitsa kudya kumayamba pa milungu 4, kakuyamwabe, make ali pomwepo. Tengani usipa, muuviike m'madzi kuti mchere ndi mchenga zichoke, muuphike wopanda chilichonse, kenako muusinje ndi minga yake yomwe mpaka usalale. Thiranipo madzi ofunda ukhale ngati phala lamadzimadzi. Minga yosinjidwayo musaitaye, ndiyo imalimbitsa mafupa, pakuti kamphaka kodya mnofu wokhawokha miyendo imapindika. Mlungu uliwonse muzichepetsa madziwo, masiku ena muzisinthako ndi dzira lowiritsa kapena nyama ya nkhuku yophika yochotsa mafupa. Muzikapatsa pang'onopang'ono, kanayi pa tsiku, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono. Zotsala tayani zisanasase. Amene muli ndi ndalama, gulani chakudya cha m'sitolo cholembedwa kuti n'cha tiana ta mphaka, chifukwa n'chosakaniza mokwanira; cha agalu ayi.

Tsono inu a mkute ndi msuzi wa dzulo! Mphaka si galu, thupi lake linapangidwira nyama. Mu nsima mulibe tawurini, michere ya m'nyama ndi nsomba, ndipo akaisowa kwa miyezi maso amachita khungu, mtima n'kufooka. Msuzi wanuwo muli anyezi, mwina ndi adyo, zimene zimaononga magazi a mphaka mpaka nkhama kuyera.

Kamphaka kodya bwino kamaonjezera magalamu pafupifupi 100 pa mlungu. Bwerekani sikelo, mukayeze. Mukaona mimba yatupa koma nthiti zikuwerengeka, nthawi zambiri ndi njoka za m'mimba. Pitani nako kwa alangizi a ziweto, ndipo musayerekeze kukapatsa panado, ameneyo kwa mphaka ndi poizoni.