Khungu la mnzako si khungu lako

Loweruka lapitali ndinapsa mtima pa msonkhano wa achinyamata a kumpingo kwathu, moti phunziro limene ndinakonza ndinaliika pambali n'kuyamba kulankhula za khungu. Chimene chinandikwiyitsa ndi nkhope ya mtsikana wina wa fomu 3 amene anabwera atadziphimba ndi mpango mpaka m'masaya, kunja kukutentha. Nditamutengera pambali anandionetsa tsaya ndi khosi, ndipo anandiuza kuti zonsezi zinayamba ngati kachipere kamodzi kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, mnzake n'kumubwereka kachubu ka mankhwala amene iye anachira nawo. Zimene ndinawauza achinyamatawo ndikuzibwereza pano, chifukwa mkwiyo wanga sunathebe.

Khungu la mnzako si khungu lako, ndipo vuto la mnzako si vuto lako ngakhale zonse ziwiri zikuyabwa. Mnzake wa mtsikanayu anali ndi khungu louma, losweka ndi loyabwa m'mapindiko a mikono, ndipo kuchipatala anamupatsa mankhwala opaka a betamethasone, amene ntchito yake ndi kuziziritsa khungu lotupa. Kwa iye anali mankhwala oyenera. Koma chipere ndi matenda a mtundu wina, oyamba ndi tizilombo ta fangasi, ndipo betamethasone sapha tizilomboti. Chimene amachita ndi kufooketsa chitetezo cha khungu pamalo pamene wapakidwa, tizilombo n'kupeza mpata wofalikira mosatekeseka.

Choipa kwambiri n'chakuti sabata yoyamba mankhwalawa amanamiza munthu. Kuyabwa kunaleka, kamzere kokwera kozungulira chiperecho kanaphwa, ndipo mtsikanayo anathokoza mnzakeyo kuti wamupulumutsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Atasiya kupaka, kuyabwa kunabwerera ndi mphamvu, iye n'kuyambiranso, ndipo patatha mwezi ndi theka chipere chija chinali chitatsikira m'khosi, chopanda malire ooneka bwino, pamwamba pake patamera tiziphuphu tating'onoting'ono tofanana msinkhu. Chizindikiro chake ndi chimenecho: mankhwala amene amakuthandiza ukamapaka, koma ukangosiya vuto limabwera litakula, akungobisa matenda. Chikhala kuti anapita kuchipatala tsiku loyamba, mwina akanangopatsidwa clotrimazole wopaka kawiri patsiku kwa masabata awiri mpaka anayi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinawafunsa achinyamatawo kuti ndi angati amene anayamba agwiritsapo ntchito sopo, mafuta kapena mankhwala a pankhope chifukwa choona kuti mnzawo wasalala nawo, ndipo manja amene anakwera anandichititsa mantha. Kodi munayamba mwabwerekapo magalasi a maso a mnzanu poti iye amaona bwino akawavala? Nanga n'chifukwa chiyani nkhope mumaiyesa munda woyeserapo mbewu? Wina nkhope yake imatuluka mafuta pofika masana, ndipo akadzola mafuta olemera amene akukomera mnzake wa khungu louma, ziphuphu zimachuluka. Wina khungu lake ndi louma kale, ndipo akatengera mankhwala a ziphuphu a benzoyl peroxide amene mnzake amapaka tsiku lililonse, nkhope imasupuka ndi kuwotcha. Pa khungu lathu lakudali, malo alionse amene apsa kapena kutupa amasiya banga lakuda limene limatenga miyezi yambiri kuti lizimiririke, kotero kuti kulakwitsa kwa masabata awiri umakulipira mpaka chaka chamawa.

Ena amati chimene chimawachititsa kubwereka mankhwala ndi kusowa ndalama kapena kuopa mzere wa kuchipatala, koma kachubu kobwereka sikadziwa nkhope imene kakupakidwapo. Ngati mukufunadi kuyesa chinthu chatsopano, pakani pang'ono m'kati mwa mkono kwa masiku angapo muone ngati pakuyabwa kapena kutupa, yambani chinthu chimodzi chokha kuti chikakuvutani muchidziwe, ndipo ngati ndi mankhwala a ziphuphu apatseni masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu musanaweruze. Chotupa chimene chikukula, kuyabwa usiku kapena kuchucha chionedwe ndi a zachipatala, osati ndi mnzanu wa m'kalasi.

Ndipo inu amene mumayala timachubu ta clobetasol ndi betamethasone pamsika pafupi ndi sopo ndi zipeso, n'kumauza ana athu kuti ndi mafuta oyeretsa khungu, mukudziwa kuti mankhwala amenewa akapakidwa kwa miyezi amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera ndi kung'ambika mizere imene siichoka? Ena mwafika posakaniza m'timabotolo topanda dzina, moti mwana akapsa nkhope ngakhale dokotala sangadziwe chimene anapaka.