Musanakongole ndalama za ulendo wokathyola zipatso ku UK, werengani masabata

Abale anga, nkhani ya ntchito za m'minda ya kunja imandikhudza kwambiri, ndipo sindikuletsa munthu kupita. Ntchitozo zilipodi, ndalama zake ndi zenizeni, ena amabwerako atasunga kangachepe kooneka. Koma chimene chimapweteka anthu ambiri si kuwawa kwa msana ayi. Ndi ngongole imene amatenga asananyamuke, poganiza kuti miyezi 6 yolembedwa pa viza ndi miyezi 6 ya malipiro.

Titenge viza ya ku UK yotchedwa Seasonal Worker. Imakulolani kugwira ntchito ya zipatso ndi ndiwo zamasamba kwa miyezi yosapitirira 6. Simungaiwonjezere, simungatenge banja, komanso simungachoke pafamu n'kukalowa ntchito ina imene mwaipeza nokha. Amene amakupatsani chikalata chofunsira viza si mwini famu, koma kampani imodzi mwa zochepa zimene boma linaziloleza, ndipo kusamukira ku famu ina kumadzera mwa kampani yomweyo.

Tsono tiwerengere limodzi pa mitengo ya mu Epulo 2024. Malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anali mapaundi 11.44 pa ola. Kuyambira 2023 lamulo limati wantchito wa viza imeneyi azilipidwa maola osachepera 32 pa sabata. Pamenepo tapeza mapaundi 366. Bwana amaloledwa kudula za malo ogona, nthawi imeneyo mapaundi 9.99 pa tsiku, pafupifupi 70 pa sabata. Zatsala 296, msonkho asanadule, inu musanagule chakudya. Mukagwira masabata 26 onse, zimenezi zikwana pafupifupi mapaundi 7,700, ndipo nambala imeneyi ndi imene ejenti, munthu wokupezerani ntchitoyo, amakonda kukuonetsani.

Koma tiyerekeze kuti mapepala achedwa, mwafika sitiroberi zili kumapeto, ndipo ntchito yatha patangopita masabata 10. Maola 32 aja amateteza sabata imene muli pantchito, salonjeza kuchuluka kwa masabata. Mwapeza mapaundi 2,960. Ngati munapatsa ejenti mapaundi 3,000, n'kudzigulira tikiti ya ndege ndi viza, ndiye kuti mubwerera kwanu ngongole ikadali pakhosi, chiwongoladzanja chikukwera. Izi si nthano. Mu 2022 zinamveka kuti anthu a ku Indonesia amene ankathyola zipatso ku UK anali ndi ngongole zofika mpaka mapaundi 5,000 kwa anthu amene anawapezera ntchito kwawo, ndipo ena ntchito inawathera miyezi 6 isanakwane.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti munthu wangongole sadandaula. Mnzanga wina amene anagwirako ntchitoyi anandionetsa pepala la malipiro ake, lopindikapindika chifukwa chokhalitsa m'thumba. Pambali anali atalemba ndi bolopeni maola amene iye anawerenga, ndipo sankagwirizana ndi a pa pepalalo. Nthawi yodikira kuti mabokosi ayezedwe, nthawi yoyenda kuchoka munda wina kupita wina, zonsezo sizinalembedwe. Ankagona m'kalavani ya anthu angapo, zovala zonyowa zitapachikidwa pamwamba pa bedi. Tsiku limene walephera kudzaza mabokosi amene kapitawo wafuna, ankamubweza kukalavani dzuwa lisanafike pamutu. Nditamufunsa chifukwa chake sanalankhule, anangoti, "Achimwene, ndikanatsegula pakamwa n'kuchotsedwa ntchito, amene anandikongoza ndikanawauza chiyani?"

Msampha womwewu ulinso kwa atsikana opita kukalera ana m'mabanja a kunja: nyumba yogona, chakudya ndi viza zonse zimadalira kuti mukhalebe bwino ndi banja limodzi lomwelo, ndiye akakuwonjezerani ntchito kukana kumavuta.

Dziwani ichi: ku UK n'kulakwira lamulo kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Viza mumalipira, tikiti kawirikawiri mumadzigulira, koma ndalama ya "malo" kapena "yolembetsa dzina" palibe. Ejenti akaitchula, mufunseni dzina la kampani imene ikupereka chikalata chija, mulifufuze pa gov.uk, webusayiti ya boma la UK, pa mndandanda wa makampani ololedwa, kenako mulembere kampaniyo nokha kufunsa ngati imalemba anthu m'dziko lanu komanso ngati ikumudziwa munthuyu. Masiku ano ambiri olembedwa amachokera ku maiko monga Kyrgyzstan, Tajikistan ndi Uzbekistan, choncho musangokhulupirira kuti khomo ndi lotsegukira aliyense.

Kontirakiti ikabwera, musathamangire kuona malipiro a pa ola. Yang'anani tsiku loyamba ntchito, tsiku lomaliza, zimene azidula, ndi chimene chidzachitike zipatso zikatha msanga. Kenako werengerani ngati kuti mukagwira masabata 10 okha. Ngati pa masabata 10 ngongoleyo sikutha, ine sindingakwere ndegeyo, ndipo mphwanga sindingamulole.