Kalata yofunsa maaliyasi isamangokhala yodandaula

Anzanga aphunzitsi, pali chinthu chandikhudza sabata ino. Mayi wina amene timaphunzitsa limodzi anandionetsa kalata yofunsa maaliyasi, ndalama zotsalira zomwe sanalandire atakwezedwa pantchito, yomwe amafuna kukasiya ku ofesi ya maphunziro ya boma lathu, masamba awiri odzadza, ana abwezedwa fizi, katapila wafika m'khosi, zonse zoona ndithu mpaka mtima unandiwawa, koma kalata yonseyo munalibe nambala yawo ya ntchito ngakhale tsiku lomwe anakwezedwa. Ndiye wa ku akaunti akaipeze bwanji fayilo yawo?

Ine maganizo anga ndi oti kalata imeneyi ndi ya masamu, ndipo pomwe ambiri timaluzira ndalama ndi pa deti. Amayiwa anachoka giredi L kupita K, kalata yowakweza inawapeza mu Ogasiti 2023, malipiro atsopano anayamba kuoneka pa peyisilipi mu Febuluwale 2024, ndiye iwo anawerenga miyezi 6. Titaiwerenga bwinobwino kalata ija tinapeza kamzere kakuti kukwezedwaku kukuyamba pa 1 Malichi 2023. Kuchokera Malichi mpaka Januwale ndi miyezi 11! Tingoyerekeza kuti magirediwa akusiyana ndi K40,000 pamwezi, ndiye kuti amapempha K240,000 pomwe zawo ndi K440,000. Koma werengani yanu mosamala, makalata ena amati kukwezedwako kuyamba tsiku lomwe mwakafika pa sukulu yomwe akutumizani, zikatero pakufunikanso kalata ya ahedi yoikira umboni kuti munafika liti.

China, musamachotsere ndalama yomwe imalowa ku banki ija, imeneyo yadulidwa kale msonkho ndi ngongole. Tengani malipiro athunthu a giredi yatsopano muchotse athunthu a yakale, mwezi ndi mwezi, chifukwa ngati boma linakweza malipiro pakatipo kusiyanako sikukhala chimodzimodzi miyezi yonse. Ndipo ndalama za maaliyasizo zikadzabwera zidzakhala zitadulidwa msonkho, musadzaganize kuti wina wadyapo.

Tinailembanso tili pa desiki yawo nthawi ya buleki, inakwana tsamba limodzi basi. Dzina, nambala ya ntchito, sukulu ndi zoni, nambala ya kalata yowakweza ija, miyezi ndi ndalama zake. Kumbuyo tinamata fotokope ya kalatayo, peyisilipi yomaliza ya giredi yakale ndi yoyamba ya yatsopano, kalata yowakweza yeniyeniyo anasunga okha, imeneyo siyosiya pa ofesi ayi. Inadzera kwa ahedi, anasaina ndi kudinda.

Chomwe ndinawaumiriza kwambiri ndi choti apite ndi makope awiri, ina akaidinditse deti yolandirira abwere nayo. Ine ndinasiyapo yanga chimanjamanja, patatha miyezi 4 nditakafunsa anangoti sitinaione, ndinalibe choonetsa, ndinayambiranso pachiyambi. Amayiwa apita Lolemba, makalasi awo ndiwagwirira ndine.