Kulemba ziro katatu pambuyo potembenuza kawiri mtengo wa AVL ndi bodza

Dzulo ndawerenga khodi ya mtengo wa AVL imene mnyamata wina ananditumizira kuti ndiyione, ndipo pamene ndinamusonyeza kuti akamaliza kutembenuza kawiri amangolemba ziro pa nodi zonse zitatu, anandiyankha mosatekeseka kuti pulogalamuyo ikugwira ntchito bwinobwino chifukwa manambala akutuluka mundondomeko yake. Yankho limeneli landikwiyitsa kuposa cholakwa chenichenicho. Manambala adzatuluka mundondomeko ngakhale mtengowo utapindika mpaka kusanduka mzere umodzi, chifukwa kutembenuza sikusokoneza ndondomeko ya manambala. Chimene Adelson-Velsky ndi Landis, amene anayambitsa mtengo wa AVL, anatipatsa mu 1962 ndi lonjezo lakuti pa nodi iliyonse msinkhu wa nthambi ya kumanzere ndi wa nthambi ya kumanja sizidzasiyana kuposa 1, ndipo lonjezo limeneli limasungidwa ndi kanambala kamodzi kolembedwa pa nodi iliyonse. Kanambala kameneka kakanama, mtengo wanuwo si AVL ayi, ngakhale mutaupatsa dzina limenelo pamwamba pa fayilo.

Tigwirizane kuti kanambalako ndi `bf`, ndipo timakapeza pochotsa msinkhu wa kumanzere pa msinkhu wa kumanja, moti -1 ndiye kuti nodi yapendekera kumanzere, +1 yapendekera kumanja, ndipo 0 yaima chilili. Ikani 50, 20, 70, 10 ndi 30 motsatana chomwecho. Pamwamba pakhala 50, kumanzere kwake 20 imene ili ndi ana awiri, 10 ndi 30, ndipo kumanja kwake 70 yopanda mwana. Apa 50 ili ndi -1, zina zonse zili ndi 0, ndipo palibe chimene chatembenuzidwa.

Mukaika 5, imapita kumanzere kwa 10, ndipo pobwerera m'mwamba mupeza kuti 10 yafika pa -1, 20 yafika pa -1, ndipo 50 yafika pa -2. Zizindikiro za 50 ndi mwana wake zikufanana, choncho kutembenuza kamodzi kumakwanira: 20 imakwera pamwamba, 50 imatsikira kumanja kwake, ndipo 30 imasamuka kukakhala mwana wa kumanzere wa 50. Pamenepa, inde, 20 ndi 50 zonse zimakhala 0, ndipo zimakhala choncho nthawi zonse pamene kutembenuza kamodzi kwachitika chifukwa choika nambala yatsopano. Ziro ameneyu ndi woona. Vuto ndi lakuti anthu amamunyamula n'kupita naye kumene alibe malo.

Bwererani ku mtengo wa manambala asanu uja, ndipo m'malo mwa 5 muike 25. Imadutsa pa 50 kupita kumanzere, pa 20 kupita kumanja, n'kukakhala kumanzere kwa 30. Tsopano 30 ili ndi -1, 20 ili ndi +1, ndipo 50 ili ndi -2. Zizindikiro zasemphana, kutanthauza kuti kulemera kuli pa mdzukulu wa m'kati, ndipo kutembenuza kamodzi kungangosamutsa vutolo kulipititsa mbali inayo. Choncho timatembenuza 20 kumanzere, kenako 50 kumanja, ndipo 30 imakwera n'kukhala pamwamba pa zonse. Kumanzere kwake kuli 20, imene ana ake ndi 10 ndi 25. Kumanja kwake kuli 50, imene ili ndi 70 kumanja kwake, koma kumanzere kwake kulibe kanthu. Jambulani pa pepala muone nokha ngati nodi imene ili ndi mwana mmodzi yekha ingakhale ndi ziro. Singakhale naye. Ili ndi +1, ndipo aliyense wolemba 0 pamenepo walemba bodza m'kati mwa mtengo wake.

Chifukwa chake n'chosavuta, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndikaona anthu akuchilumpha. Mdzukulu akamakwera amagawa nthambi zake ziwiri: ya kumanzere amaisiyira nodi imene yatsalira kumanzere kwake, ya kumanja amaisiyira imene yatsikira kumanja kwake. Ngati nthambi ziwirizo sizinali zofanana msinkhu, ndiye kuti wina mwa awiriwo walandira yaifupi, ndipo wolandira yaifupiyo sangaime chilili. Pamene tinaika 25, nthambi yaitali inapita kwa 20, ndipo 50 inatsala ndi dzanja lopanda kanthu. Mukanaika 35 m'malo mwa 25, 30 ikanakhala ndi +1 isanakwere, 35 ikanapita kwa 50, imene ikanakhala 0, ndipo 20 ndi imene ikanatsala ndi 10 yokha n'kukhala -1. Poika nambala, ziro pa nodi zonse zitatu amapezeka pa nthawi imodzi yokha basi, pamene mdzukuluyo ndi nodi yatsopano imene yangolowa kumene, monga mukaika 50, 20 ndi 30 pa mtengo wopanda kanthu. Njira ndi zitatu, ndipo imene imatsimikiza kuti muli pa njira iti ndi `bf` ya mdzukulu asanakwere, imene muyenera kuiwerenga musanaifufute.

```c
/* y = mdzukulu, a = kumanzere kwa y, b = kumanja kwa y */
a->bf = (y->bf == +1) ? -1 : 0;
b->bf = (y->bf == -1) ? +1 : 0;
y->bf = 0;
```

Mizere itatu imeneyi ndi yokhayo imene munthu akuithawa, ndipo imagwira chimodzimodzi kaya mtengo unapindika kumanzere kenako kumanja kapena kumanja kenako kumanzere, bola `a` ndi `b` muziwatchula potengera malo amene akhala kutembenuza kutatha. Onaninso kuti mzere wa `y` uli pomalizira, chifukwa mukauika poyamba mwabwerera ku ziro katatu kuja kudzera khomo lakuseri.

Tsopano tione zimene bodzali limabala, popeza ena amati ndi kanthu kakang'ono. Tatsala ndi 50 yolembedwa 0 pamene zoona zake ndi +1. Ikani 80. Imakakhala kumanja kwa 70, ndipo 70 imafika pa +1 monga ziyenera kukhalira. Pulogalamu ikakwera kufika pa 50 imawonjezera 1 pa ziro uja n'kupeza +1, ndipo imadutsa mokhutira kuti zonse zili bwino, chonsecho kumanzere kwa 50 kulibe kanthu pamene kumanja kwake kwalendewera 70 ndi 80, kutanthauza kuti nambala yoona ndi +2. Apa panayenera kuchitika kutembenuza kamodzi kokweza 70 pakati pa 50 ndi 80, ndipo 30 ya pamwamba ikanakhalabe 0. Kutembenuzako sikunachitike, lamulo la AVL lasweka, ndipo palibe uthenga uliwonse wolakwa umene watuluka pa kompyuta. Mukasindikiza manambala mupeza 10, 20, 25, 30, 50, 70, 80, ooneka bwino kwabasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bodza lomwelo limalumanso mbali inayo. Pa mtengo womwewo, musanaike 80, ikani 40. Imadzaza dzanja lopanda kanthu la 50, choncho 50 imayenera kuchoka pa +1 kufika pa 0, ndipo kukwera kumayenera kuthera pomwepo chifukwa msinkhu sunasinthe. Koma pulogalamu yonamizidwa imachoka pa 0 kufika pa -1, imakhulupirira kuti nthambi yatalika, ndipo imakwera kukalemba +1 pa 30 imene kwenikweni yaima chilili. Nodi yabodza inali imodzi, tsopano zakhala ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo pulogalamu idzatembenuza pamene sipafunika ndi kusiya pamene pafunika. Malire otchuka aja, akuti msinkhu wa mtengo wa AVL supitirira pafupifupi 1.44 kuchulukitsa ndi log2(n + 2), pamene n ndi chiwerengero cha nodi zonse, amagwira pa mtengo umene `bf` zake zikunena zoona. Pa mtengo wonama mulibe malire amene mungawatchule ndi mtima wonse.

Mwina cholakwachi chimayambira pa zitsanzo za manambala atatu zimene zimajambulidwa pa bolodi, koma zimenezo sizikundikhudza kwenikweni. Chimene chikundikhudza n'chakuti munthu amanena kuti wayesa pulogalamu yake pamene wangoyesa ndondomeko ya manambala, kapena wangoika 1, 2, 3 mpaka 1000 motsatana, zimene sizichititsa kutembenuza kawiri ngakhale kamodzi kokha, chifukwa nambala yatsopano nthawi zonse imapita kumanja kwenikweni. Kuyesa koona ndi kulemba kafankishoni kakang'ono kamene kamayenda mtengo wonse, n'kuwerengera msinkhu weniweni wa nthambi iliyonse kuyambira pansi, n'kuyerekeza ndi `bf` yolembedwa pa nodi iliyonse, ndipo kamaitanidwa pambuyo pa nambala iliyonse imene yaikidwa, manambalawo atasakanizidwa. Kafankishoni kameneka kakanagwira bodza la 50 pa nambala yachisanu ndi chimodzi. Amene akuona kuti njira zitatu zija zikumulemera ali ndi ufulu wosunga msinkhu pa nodi iliyonse m'malo mwa `bf`, n'kumauwerengeranso pambuyo pa kutembenuza kulikonse, kuyambira ndi nodi imene yatsika kenako imene yakwera. Zimenezo ndi zololeka ndithu. Chosaloleka ndi kusankha `bf` n'kumailemba mongoganizira.

Ndipo pali enanso amene amalemba mizere itatu ija molondola, koma akatembenuza amapitirizabe kukwera n'kumasintha `bf` za makolo a pamwamba ngati kuti nthambi yatalika. Sinatalike. Pa chitsanzo chathu mtengo unali ndi mizere itatu 25 isanalowe, unafika pa inayi italowa, ndipo unabwerera pa itatu 30 itakwera, moti kholo lililonse limene likanakhala pamwamba pake silikanaona kusintha kulikonse. Poika nambala, kutembenuza kamodzi kapena kawiri kumachitika pa malo amodzi okha, ndipo kukachitika mumaima pomwepo, monganso mumaimira mukapeza nodi imene yabwerera pa 0. Ndi pochotsa nambala pamene kutembenuza kumatha kufupikitsa nthambi n'kukukakamizani kukwera mpaka pamwamba, ndipo amene amakopera lupu ya kuchotsa n'kuimata pa kuika amawononga `bf` ya agogo ake a nodi imene wangoikonza kumene.