Bizinesi yochapa zovala mu Lusaka imagwera pa chingwe ndi pa simbi

Abale anga, aliyense amene wagwira kandalama masiku ano akuti atsegula malo ochapira zovala, ndipo ganizo lake silolakwika. Ku Chalala, ku Lilayi, ku Meanwood ndi ku Silverest nyumba zikumera tsiku ndi tsiku, ndipo okhalamo amatuluka m'mamawa n'kubwera kutada. Onjezani ana a sukulu okhala m'mabodingi a ku Kalingalinga pafupi ndi UNZA. Makasitomala alipo. Chimene sindigwirizana nacho n'choti munthu ayambe ndi kufunsa mtengo wa makina. Kuchapa ndi gawo lopepuka pa ntchito yonseyi. Chimene chimakuuzani makilo amene mungalandire pa tsiku ndi madzi, poyanika ndi manja ositira.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwagula makina a migolo iwiri, wochapira ndi wofinyira, olembedwa makilo 13. Musaikemo 13. Zovala zikathinana sizitembenuka, litsiro la m'kolala limatsala, ndipo lamba wa mota amayamba kuterereka. Ikani makilo 8 a zovala zouma, zomwe ndi zovala pafupifupi 25 mukasakaniza mashati, mathalauzi ndi madiresi. Ulendo umodzi wotere, kuchapa ndi kutsukuluza kawiri, umadya malita a madzi oposa 100, tinene 120. Maulendo anayi pa tsiku ndi makilo 32 ndi malita 480, kutanthauza kuti thanki ya malita 1,000 ikukusungani masiku awiri okha pampopi pakauma. Ndipo madzi amenewo akatha ntchito amafuna kopita. Nyumba zambiri za m'madera atsopano zimadalira dzenje la sokawe, lomwe silinakumbidwire malita 480 a thovu tsiku lililonse. Likasefukira mwayambana ndi alandilodi ndi aneba omwe. Nkhani imeneyi ikambidwe musanalipire lendi.

Makinawo amaliza maulendo anayi aja dzuwa lisanafike pamutu. Tsono zovala 100 zija muziyanika pati? Ulendo umodzi umadzaza chingwe cha mamita pafupifupi 20, ndiye anayi akufuna mamita 80, kapena 40 ngati nyengo ikulola kuyanika kawiri. Mu Seputembala ndi Okutobala shati imauma msanga, koma mphepo ya fumbi imabwezera litsiro pa zoyera ngati chingwe chili kumbali ya msewu wadothi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi vuto ndi mvula. Chovala chikagona chonyowa chimagwira fungo la chinyontho lomwe sopo wonunkhira sabisa, ndipo muyenera kuchichapanso ndi ndalama zanu. N'chifukwa chake ine ndimati ndalama imene mukufuna kugulira makina achiwiri ipite kaye ku shedi ya malata yopanda makoma, yoti mphepo izidutsa, pansi pake pothiridwa simenti kapena miyala.

Kusita ndiye kumene anthu amadzinamiza kwambiri. Shati imodzi, kuisita bwino ndi kuipinda, imatenga mphindi 4 kapena 5. Zovala 100 ndi maola pafupifupi 8, munthu mmodzi ali chiimire tsiku lonse. Ndipo kuno kusita sikongofuna kutchena. M'nyengo ya mvula ntchentche ya putsi imaikira mazira pa zovala zachinyezi, makamaka zoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, ndipo mphutsi yake imalowa m'khungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Simbi yotentha imapha mazirawo. Zovala za ana, matawulo ndi nsalu zapabedi zisachoke pamalo panu zosasita ngati zinauma panja.

Simbi yomweyo ndiyo imadya malaiti. Mota wa makina a migolo iwiri amakoka mawati mazana ochepa chabe, pomwe simbi imodzi imakoka pakati pa 1,000 ndi 2,000, zina kuposa pamenepo. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, mmene malaiti ankabwerera maola ochepa, nthawi zina pakati pa usiku. Kajenereta kakang'ono kamayendetsa makina ochapira popanda vuto, koma mukalumikizapo simbi ziwiri kamatsamwa. Malaiti akabwera, yambani ndi kusita ndi kupopera madzi m'thanki. Kuchapa kungathe kudikira jenereta. Simbi yamakala isungeni ya mathalauzi olimba okhaokha, chifukwa kakhala kamodzi kokha kakhoza kuboola diresi la mwini lomwe mtengo wake ndi phindu lanu la sabata yonse.

Pali china chokhudza madzi a m'zitsime zobowola. Mbali yaikulu ya Lusaka ili pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo madzi ake ndi olimba. Mudzadziwa poona zoyera zokakamira pansi pa ketulo. Madzi otere amapha thovu, inu n'kumangowonjezera sopo, koma mashati oyera akutuwabe ndipo matawulo akukhakhala. Thirani kaye soda wochapira pang'ono m'madzi musanaike sopo. Ngati madziwo amasiya madontho ofiirira pa sinki, muli chitsulo, ndipo Jik pamenepo amachititsa zoyera kusanduka zachikasu m'malo moyera. Musasakanize Jik ndi viniga ngakhale pang'ono, mpweya wake ndi wa poizoni.

Tsopano mtengo. Lipiritsani pa kilo, pa sikelo imene kasitomala akuiona ndi maso ake. Mukamati "basiketi imodzi mwakuti", anthu adzapondereza zovala za banja lonse m'basiketi imodzi. Tiyerekeze kuti mwaika K20 pa kilo, ngati chitsanzo chabe. Makilo 32 akupatsani K640 pa tsiku labwino. Tsiku la mvula, opanda shedi, muumitsa maulendo awiri okha, ndiye K320, koma lendi ndi malipiro a wositayo sizinatsike. Ndiye powerengera mwezi, werengerani pa masiku oipawo. Kusita kukhale ndi mtengo wake wapadera popeza ndi kumene kumadya nthawi ndi mayunitsi. Mabulangete nawonso akhale ndi mtengo wawo. Limodzi lalikulu limatenga ulendo wonse lokha, ndipo likanyowa limalemera moti mgolo wofinyira umagwedezeka n'kumamenya m'mbali. Mukamva phokoso limenelo imitsani, muliyale bwino. Kukakamiza kumawononga mota. Mu Juni ndi Julayi mabulangete amabwera ambiri, choncho lonjezani masiku awiri, osati mawa.

Makina akamangong'ung'udza osazungulira, nthawi zambiri ndi kapasita kapena lamba, zinthu zotsika mtengo zimene amisiri okonza mafiriji amasintha mosavuta. Madzi akamachedwa kutuluka, yang'anani makobidi ndi mapini a tsitsi potulukira madzi. N'chifukwa chake matumba apisidwe pamaso pa mwini wake.

Polandira zovala pomwepo ndi pamene milandu imapewedwa. Werengani chimodzichimodzi, lembani m'buku la malisiti la kaboni, ndipo chong'ambika kapena chothimbirira kale muchijambule pa foni mwini ali pomwepo. Zovala za anthu awiri zisalowe m'makina limodzi, ngakhale zichepe bwanji. Chitenje chatsopano ndi jinzi yakuda zichapidwe pazokha chifukwa zimasuluka. Dzina la bizinesi mulembetse ku PACRA, mutenge TPIN ku ZRA ndi chilolezo cha khonsolo, chifukwa malo ogona alendo ndi masaluni, omwe amabweretsa matawulo sabata iliyonse, amafuna lisiti ya dzina. Kasitomala watsopano alipire theka posiya zovala, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena MoMo, ndipo pa lisitipo palembedwe tsiku lotenga ndi ndalama yosungira zovala zikapitirira sabata ziwiri asanabwere.