Njira yachidule si njira yachangu, madalaivala tamverani

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali tinachita hayala minibasi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Neno kuchinkhoswe cha mwana wa achemwali anga. Titatsala pang'ono kufika pa boma la Ntcheu, dalaivala anangokhotera kumanja kulowa msewu wa ku Tsangano osafunsa munthu ndi mmodzi yemwe. Amalume atamufunsa, iye akuti, "Bambo, iyi ndi yachidule, ku Zalewa n'kozungulira, komanso tipulumutsa ndalama ya pa geti ya Chingeni." Mvula inali itagwa usiku wonse. Tinatitimira m'matope pachitunda china, amayi ovala zitenje zatsopano anatsika kukaima m'mphepete mwa munda, anyamata a m'mudzimo anatikankha titawalipira, ndipo pomwe tinkafika anthu anali akutsuka miphika. Mwambo wonse unali utatha.

Ndiye ndikufuna ndinene momveka kwa aliyense wogwira chiwongolero: kufupika kwa njira ndi nkhani ina, kufulumira kwa ulendo ndi nkhani inanso. Munthu akakukwezani galimoto sakugula makilomita, akufuna kufika nthawi yabwino. Makilomita amawerengedwa pamapu, koma maola amawerengedwa ndi mmene msewuwo ulili pansi pa matayala anu tsiku limenelo.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tengani mtunda, mugawe ndi liwiro limene mungayendedi pamsewuwo, mupeza nthawi. Tiyerekeze kuti njira ya fumbi ndi makilomita 60 ndipo ya tala ndi makilomita 120, kutalika kowirikiza kawiri. Pamsewu wa fumbi wa m'mapiri, wokumbika ndi madzi, minibasi yodzaza anthu ndi katundu ikamayenda makilomita 20 pa ola ndiye kuti dalaivala akuyesetsa. Makilomita 60 aja akudyerani maola 3. Pa tala wabwino mukuyenda makilomita 80 pa ola, ndipo makilomita 120 aja mwawamaliza pa ola limodzi ndi theka. Wozungulira uja wafika, wasamba m'manja, wadya nsima, inu wachidule mudakali pakati pa phiri mukusintha giya yoyamba ndi yachiwiri. Apatu sitinawerengere kutitimira, kuphulika kwa tayala kapena mtsinje wodzaza umene muyenera kudikira kuti uphwe. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ine ndikuwonjezera kuti kudulira nakonso sikufika.

Onani njira ziwiri zimene tinali nazo. Ya ku Tsangano imachoka pa M1 n'kukwera mapiri a Kirk Range, kutsata malire a dziko lino ndi Mozambique, kenako n'kutsikira ku Neno. Mukaiona pamapu imakoma, imaoneka ngati yangolunjika kummwera. Inayo imakutengani pa Ntcheu, pa Chingeni, pa Phalula mpaka pa Zalewa, n'kukhotera msewu wa ku Mwanza, kenako n'kupatukira ku Neno. Inde ndi yozungulira, ndipo nayonso kumapeto kwake simukusowa mavuto. Koma gawo lalikulu la ulendowo muli pa tala, ndipo galimoto ikafa mupeza makaniko, mupeza woziga matayala, mupeza galimoto ina yokutengani. Kumapiri kuja galimoto ikafa pakati pa mvula mudzadikira thirakitala kapena ngolo ya ng'ombe. Dalaivala wodziwa ntchito amafunsa kuti makilomita angati mwa amenewa ndi oipa, ndipo aipa motani lero. Wosadziwa amangofunsa kuti yaifupi ndi iti.

Amene anafikako ku Livingstonia akundimvetsa. Kuchoka pa Chitimba kukwera msewu wa Gorodi ndi makilomita 15 okha kapena kupitirira pang'ono, koma uli ndi makhotakhota okwana 20 okwera phiri, ndipo ola lathunthu limatha muli momwemo. Makilomita 15 omwewo pa tala wosalala ndi mphindi zosakwana 15. Mtunda ndi womwewo, nthawi yasiyana kutalitali. Kodi pamenepa pali chovuta kumvetsa?

Tsopano za geti, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga ukuwawa kwambiri. Pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pali mageti awiri olipiritsa, la Kalinyeke ku Dedza ndi la Chingeni. Pamene la Chingeni linkatsegulidwa mu 2021 galimoto yaing'ono inkalipira K1,700, anthu atadandaula anatsitsa kufika pa K1,000. Mitengo imasintha, koma yerekezani ndi mtengo wa mafuta lero: ndalama ya pa geti ya galimoto yaing'ono siikwana ngakhale lita imodzi ya petulo. Galimoto yaing'ono pa tala imayenda makilomita 10 kapena kuposerapo pa lita imodzi. Ndiye kuti mukalambalala geti n'kuwonjezera makilomita 10 okha paulendo wanu, ndalama imene mumati mwapulumutsa mwaiwotcha kale mu injini. Minibasi imalipira yochulukirapo pa geti, koma nayonso imamwa mafuta ochulukirapo, choncho masamu ake sasintha kwenikweni.

Wina anena kuti njira ya ku Tsangano sikuwonjezera makilomita, ikuchepetsa. Chabwino. Koma galimoto simwa mafuta poona makilomita okha. Pa giya yotsika injini imazungulira kwambiri pomwe matayala akusuntha pang'ono, ndipo matayala akamazungulira pamodzimodzi m'matope mafuta akupita galimoto isakusuntha n'komwe. Onjezani zimene msewu woterowo umachita ku galimoto: mashoko amatha, mabushi amamasuka, mwala umagunda sampu mafuta a injini n'kutayikira pansi, ekizozi imathothoka, kalachi imapsa pokakamiza kutuluka m'matope. Tayala limodzi long'ambidwa ndi mwala likulipirirani geti kangati? Ndalama imene tinapatsa anyamata otikankha aja inaposa ya pa Chingeni kutali, ndipo inatuluka m'matumba mwathu ife okwera, osati mwa dalaivala. Iye anapulumutsa yake, ife tinataya yathu pamodzi ndi tsiku lathu.

Sindikunena kuti geti silisintha kanthu kwa aliyense. Mwini lole yaikulu amalipira zambiri pa geti lililonse, ndipo munthu amene amadutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo tsiku ndi tsiku ndalama yake imaunjikana pakutha pa mwezi. Ameneyo akhale pansi awerengere, ndi ufulu wake, ndipo ngati pali njira ina ya tala yosasiyana kwambiri mtunda, aitenge. Koma munthu wa ulendo umodzi, wanyamula anthu amene akudikiridwa, kuwalowetsa m'matope chifukwa cha ndalama yosakwana mafuta a makilomita ochepa, kumeneko si kusamala ndalama. Ndi umbuli wosakanikirana ndi umbombo.

Sindikunenanso kuti yachidule nthawi zonse ndi yoipa. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, njira ya ku Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310, ndi yaifupi kuposa yodzera ku Zomba ndi Liwonde, ndipo ndi yachangunso, chifukwa zonse ndi za tala. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Monkey Bay, galimoto yaing'ono imapindula kutsika pa Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Koma lole yodzaza simenti pamakhota omwewo iyenera kutsika pang'onopang'ono pa giya yotsika, apo ayi mabuleki atentha n'kusiya kugwira. Msewu ndi umodzi, koma kwa wina ndi wachangu, kwa wina ndi woopsa. Choncho funso limakhala la galimoto iti, yanyamula chiyani, mwezi wanji. Msewu wa fumbi umene mu Ogasiti mumadutsa mukuimba nyimbo, mu Febuluwale ndi msewu wina.

Ndipo kudziwa sikovuta. Musanakhote, imani pamphambano muone magalimoto amene akutuluka kumeneko. Ngati matope afika m'zitseko ndi m'magalasi, mwayankhidwa kale. Ngati mukuona njinga zamoto ndi malole okwera m'mwamba okhaokha, minibasi ndi magalimoto ang'onoang'ono osaoneka, eni derawo akukuuzani kanthu. Funsani wakabaza kapena dalaivala amene wachokera kumeneko lero, osati amene anadutsako chaka chatha. Ndipo mufunse bwino. Musati "ndi patali?" chifukwa akuyankhani kuti ndi pompano, poti iye anazolowera. Funsani kuti anachoka nthawi yanji ndipo wafika nthawi yanji, mvula inagwa liti, milatho ili bwanji, ndipo galimoto ngati yanuyi yadutsa lero kapena ayi. Safunsa anadya phula. Dalaivala wathu sanafunse, ndipo phulalo tinadya ndi ife.

Ena akuti foni inawauza. Google Maps imakupatsani mtunda ndi nthawi, inde, koma m'misewu ya kumidzi kumene kumadutsa magalimoto ochepa nthawiyo imangoyerekeza. Foni sinaone kuti madzi akokolola kalavati usiku wapitawu. Ikakuonetsani njira ziwiri zosiyana ndi mphindi 20, ina ya tala ina ya fumbi, ndipo kumwamba kwada, tengani ya tala. Mukachedwa ndi mphindi 20 pa tala mwataya mphindi 20 basi. Mukalakwitsa pa fumbi mutaya tsiku, mwina ndi galimoto yomwe.

Mwina ena amachita izi chifukwa mwini galimoto anawapatsa ndalama yowerengeka ya mafuta ndi mageti ndiye akufuna itsaleko. Zimenezo akambirane ndi abwana awo, asatilipiritse ife. Ngati ndalama ya geti yakuvutani, nenani, tisonkha m'galimoto momwemo. Palibe wokwera amene angakane kuponya kangachepe kuti afike nthawi yake.

Koma chimene chikundipweteka koposa n'chakuti ife tinali ndi mwayi wosankha njira, pomwe anthu okhala m'mapiri amenewo alibe. Ku Tsangano kumachokera mbatata ya kachewere imene timadya m'matauni monsemu, ndipo mlimi wa kumeneko amagulitsa thumba motchipa chifukwa wogula amachotseratu mtengo wa mashoko ndi matayala ake. Mayi wodwala wa kumeneko alibe njira ya tala yozungulira yoti asankhe, ambulansi imadutsa m'matope momwe tinatitimiramo ife. Msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza takhala tikuumva m'malonjezo kuyambira kalekale, nthawi ya kampeni iliyonse umatchulidwa. Mpaka liti?